Mivi, zokhwatchidwa ndi mabokosi: kukopera za pabolodi kuchokera pachithunzi

*Ndine mlembi wa gulu la amayi oyanika usipa kuno ku Makawa. Dzana tinali ndi msonkhano m'holo ina pa boma la Mangochi, ndipo amene ankatitsogolera analemba zonse pabolodi loyera. Ndinajambula ndi foni asanafufute, ndipo chithunzicho ndakutumizirani pa WhatsApp. Mawu ndikutha kuwawerenga, koma pali mivi yopita uku ndi uku, zina anazikhwatcha, zina zili m'mabokosi. Ndilemba bwanji zimenezi? Zokhwatchidwazo ndingozisiya?*

Musazisiye, a mlembi. Pabolodi la msonkhano, mawu ndi amene amayamba kulembedwa, nthawi imene anthu akungoponya maganizo. Mivi, mizere yokhwatcha ndi mabokosi zimabwera pambuyo, anthu atakambirana, atatsutsana, ena atagonja. Mukakopera mawu okha, ndiye kuti mwasunga chiyambi cha msonkhano n'kutaya mathero ake. Pa bolodi lanuli pali zinthu zitatu zokhwatchidwa, kupatula chiwerengero cha ndalama zonse, ndipo chilichonse chinakhwatchidwa pa chifukwa chakechake. Tizifika zimenezo.

Choyamba, konzani mapepala awiri, osati limodzi. Pepala loyamba ndi la zimene maso akuona pachithunzi, monga mmene zilili, popanda kukonza kapena kumasulira. Lachiwiri ndi la maminitsi, zimene msonkhano unagwirizana. Alembi ambiri amalumpha loyambalo chifukwa amaona ngati ndi kugwira ntchito imodzi kawiri. Koma munthu akamalemba maminitsi akuyang'ana chithunzi, amamasulira chizindikiro chilichonse pomwepo osadziwa kuti akumasulira. Muvi wosaoneka bwino amaupatsa tanthauzo limene akulikumbukira, kapena limene iyeyo ankafuna pamsonkhanopo, ndipo zikangolowa m'maminitsi palibenso amene angasiyanitse zimene zinali pabolodi ndi zimene mlembi anaganiza. Pagulu losonkherana ndalama, mikangano imayambira pamenepa.

Musanalembe chilichonse, onetsetsani kuti mukuwerenga chithunzi chenicheni. Chimene mwanditumizirachi chafinyidwa. WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse kuti chisadye bandulo, ndipo mbali yake yaitali imatsala ndi timadontho pafupifupi 1,600. Kamera ya foni ya mamegapikiselo 12 imajambula timadontho 4,000 m'litali. Tiyerekeze kuti bolodi ndi lalitali masentimita 180 ndipo ladzaza chithunzi chonse. Pa chithunzi choyambirira, sentimita iliyonse ya bolodi ili ndi timadontho pafupifupi 22, pamene pa chofinyidwa ili ndi 9 tokha. Zilembo zikuluzikulu za mitu zimawerengekabe, koma nambala yaing'ono yofinyikizidwa pamwamba pa inzake imasanduka chibuluma, ndipo nambala zoterozo ndi zimene zimakhala zokonzedwa, zomaliza. Ndiye tsegulani chithunzicho m'malo amene kamera imasungira zithunzi, osati m'macheza a WhatsApp. Ngati anajambula ndi mnzanu, mupempheni akutumizireni posankha Document, osati Gallery, chifukwa njira imeneyo imatumiza fayilo yonse osaifinya. Funsaninso pagulu ngati wina anajambulako ataima mbali ina. Pa chithunzi chanu kuwala kwa pazenera kwagwera pakatikati pa bolodi, ndipo malo amene kuwala kwayeretsa sangabwererenso ngakhale mutasintha bwanji chithunzicho. Amene anaima kumanja, kuwala kunamugwera pena, ndiye zithunzi ziwiri zimakwaniritsana.

Ngati n'kotheka, onerani chithunzicho pa sikirini ya kompyuta, kapena muchipulinte pa pepala la A4 mopingasa kuti muzitha kulembapo ndi pensulo. Koma dziwani kuti pulinta ya inki yakuda yokha imapha mitundu, ndipo mtundu wa cholembera uli ndi nkhani yake. Foni ikhale pambali kuti muzionapo mitunduyo.

Tsopano gawani bolodi m'zigawo. Bolodi siliwerengedwa ngati tsamba la buku, kuchokera kumanzere kupita kumanja mzere ndi mzere. Mukaliwerenga choncho mudzalumikiza theka la mzere wa nkhani ina ndi theka la nkhani ina. Yang'anani mipata yopanda kanthu, ndiyo malire. Lanuli lili ndi zigawo zinayi. Kumanzere kuli mndandanda wa zofunika pomanga mathandala atsopano, ndipo tiutche A. Kumanja kuli maudindo atatu, wapampando, wachiwiri wake ndi msungichuma, ndipo tikutche B. Pansi kumanja kuli kabokosi kokhala pakokha, C. Pakona yam'mwamba kumanja kuli bokosi lina la inki yabuluu yofwifwa, D. Mzere uliwonse muupatse nambala: A1, A2, mpaka pansi. Manambala amenewa ndi amene adzakuthandizeni kulemba mivi, chifukwa muvi umafunika kunena kumene wachokera ndi kumene wathera.

Pokopera, gwiritsani lamulo limodzi: chilichonse chimene chili pabolodi chilembeni poyera, ndipo chilichonse chochokera kwa inu chiikeni m'mabulaketi. Kalembedwe kolakwika kasiyeni choncho. Mawu a Chiyao kapena a Chingerezi asiyeni m'chinenero chomwecho. Chidule musachitambasule, ngati analemba "Msungi." lembani "Msungi." basi. Chigawo A chanu chituluka motere:

```
A1  Nsungwi 60 - K90,000
A2  Mitengo 24 - K72,000
A3  [chokhwatchidwa: Waya mipukutu 2 - K140,000] [muvi kupita A3b]
A3b Mphasa 20 - K[3 kapena 8]0,000 [inki yofiira]
A4  Misomali 5kg - K25,000 [muvi kupita pakati pa B2 ndi B3]
A5  Mmisiri - [chokhwatchidwa: K80,000] K60,000 [pamwamba, yofiira]
A6  [chokhwatchidwa: Kukaonana ndi amfumu za malo] [chochongedwa]
A7  [bokosi: [chokhwatchidwa: K407,000] K327,000]
```

Taonani mmene ndalembera mtengo wa mphasa. Sindinasankhe pakati pa 3 ndi 8, chifukwa kuwala kwadya mbali yakumanzere ya nambalayo, ndipo 8 wodyeka kumanzere amaoneka ngati 3. Mukakayikira, lembani zonse ziwiri zimene mukuziganizira. Chizindikiro cha funso chokha sichithandiza, chifukwa mawa simudzakumbukira kuti munkakayikira chiyani. Manambala amene amasokoneza kawirikawiri pa zolemba zapamanja ndi 1 ndi 7, 4 ndi 9, 0 ndi 6, 3 ndi 8. Chenjeraninso ndi ndalama zofupikitsidwa. Wolemba akatopa amayamba kulemba K60 kutanthauza K60,000. Pa pepala loyamba lembani K60 yomweyo, masauzandewo mudzawaonjezere m'maminitsi mutatsimikiza.

Tibwere ku zokhwatchidwa zitatu zija. Pa A3 mzere wadutsa chinthu chonse, dzina ndi mtengo womwe, ndipo pali muvi wopita ku chinthu china cholembedwa ndi inki ina. Apa waya anakanidwa, m'malo mwake munalowa mphasa. Pa A5 mzere wadutsa nambala yokha, mawu akuti mmisiri sanakhudzidwe, ndipo nambala ina yalembedwa pamwamba. Apa mmisiri akufunikabe, chimene chinasintha ndi malipiro ake. N'chifukwa chake pokopera muyenera kusamala kuti mzere wokhwatcha wayambira pati ndipo wathera pati. Mukalemba kuti mzere wonse wa A5 ndi wokhwatchidwa, mwachotsa mmisiri pa bajeti. Pa A6 mzere wadutsa chinthu chonse ngati pa A3, koma palibe cholowa m'malo, ndipo pambali pake achongapo. Anthu ambiri amakhwatcha chinthu posonyeza kuti chachitika kale, monga mmene timachitira ndi mndandanda wa zokagula kumsika. Ndiye A6 ikhoza kutanthauza kuti amfumu anaonedwa kale ndipo malo alipo. Koma taganizani mutaisiya m'maminitsi, kapena mutalemba kuti msonkhano unakana zokaonana ndi amfumu. Chaka chamawa pakabuka nkhani ya malo pagombepo, buku la gulu lidzakhala likunena zosiyana ndi zimene zinachitika.

Pali chifukwa chachinayi chimene sichili pa bolodi lanu koma mudzakumana nacho: chinthu chimakhwatchidwa chifukwa chasamutsidwira pena. Mukaona chokhwatchidwa chopanda cholowa m'malo, sakani mawu omwewo m'zigawo zina musanagamule kuti chinakanidwa. Ndipo musasokoneze mzere wokhwatcha ndi mzere wodulidwa kunsi kwa mawu. Munthu wolemba ataima chammbali, mzere wake umakwera, ndiye woyambira kunsi kwa mawu umatha kukathera pakati pa zilembo zomaliza. Yang'anani pamene unayambira. Ukayambira pansi pa chilembo choyamba, ankatsindika. Ukayambira pakati pa chilembo choyamba, ankakhwatcha. Matanthauzo awiriwa ndi otsutsana kwenikweni, ndiye ngati simukutha kusiyanitsa, lembani m'mabulaketi kuti mzerewo sukudziwika, ukhale funso.

Zokhwatchidwa zikakhala kuti mwazikopera, zimakuthandizani kuwerenga zimene sizikuoneka. Tengani chowerengera. Phatikizani mitengo yoyambirira, isanasinthidwe: 90,000 ndi 72,000 ndi 140,000 ndi 25,000 ndi 80,000. Zikukwana 407,000, nambala yokhwatchidwa ya m'bokosi ija. Zimenezi zikutsimikiza kuti manambala asanu amenewo mwawawerenga bwino. Tsopano phatikizani zotsala pambuyo posintha, kusiyako mphasa: 90,000 ndi 72,000 ndi 25,000 ndi 60,000. Zikukwana 247,000. Chotsani 247,000 pa 327,000, patsala 80,000. Ndiye mphasa ndi K80,000, osati K30,000, ndipo zikugwirizana ndi mphasa 20 pa K4,000 iliyonse. Kuwerengera komweku kwatiuzanso kuti waya sali m'chiwerengero chomaliza, ndiponso kuti mmisiri alimo pa K60,000. Mukanataya zokhwatchidwa, simukanakhala ndi choyesera. Pa pepala loyamba musafufute kukayikira kuja. Onjezani pambali kuti ndi 8 malinga ndi chiwerengero cha A7, kuti wina aliyense athe kutsatira mmene munapezera. Nthawi zina chiwerengero sichigwirizana ngakhale muyese njira zonse. Pamenepo musasinthe nambala iliyonse kuti zikwane. Mwina wolembayo ndiye anaphonya pophatikiza, ndipo gulu liyenera kudziwa zimenezo lisanayambe kusonkha.

Mivi ndi imene imavuta kwambiri, chifukwa muvi umodzimodzi umagwira ntchito zambiri. Umatha kunena kuti ichi chalowa m'malo mwa icho, monga wa pa A3. Umatha kunena kuti ntchito iyi ndi ya uje. Umatha kunena kuti tikatha ichi tichite icho, kapena kuti ichi ndicho chimayambitsa icho, kapenanso kuti mawu awa anasowa malo, muwawerengere apa. Kamuvi kakafupi koloza m'mwamba kapena pansi pambali pa nambala nthawi zambiri sikalumikiza chilichonse, kamangonena kuti mtengo wakwera kapena watsika. Vuto lake n'lakuti koloza pansi kamaonekanso ngati kakuloza mzere wotsatira. Pa pepala loyamba musasankhe tanthauzo. Lembani zinthu zitatu zokha: pamene mchira wayambira, pamene mutu wathera, ndi mtundu wa inki. Ngati uli ndi mitu iwiri, nenani. Ngati pali mawu olembedwa motsatira muviwo, monga tsiku, amenewo ndi a muviwo, osati a mzere umene ali pafupi nawo.

Potsata muvi wautali, kulitsani chithunzi ndipo muyambire kumutu kubwerera kumchira. Mutu umaoneka bwino, pamene mchira umazimiririka chifukwa cholembera chimayamba mopepuka. Mivi iwiri ikadutsana, tsatani umene ukupitirira mosakhota. Dzanja la munthu silithyola mzere mwadzidzidzi pamphambano. Mukaphonya apa, ntchito ya wina mwapatsa wina. Ngati mwapulinta, dutsitsani pensulo pa muvi uliwonse mukaulemba, kenako muwerenge mitu ya mivi yonse pachithunzi n'kuyerekeza ndi imene ili pa pepala lanu. Ine ndawerenga mitu inayi pa bolodi lanu: wa A3 kupita A3b, wa A1 kupita kwa wapampando, wa A5 kupita kwa wachiwiri, ndi wa A4. Wa A1 ndi wa A5 sindinailembe pa mndandanda uja, muionjezere.

Wa A4 ndi umene sindingakuuzeni tanthauzo lake, ndipo inunso musaulote. Wachoka pa misomali n'kukathera pampata wa pakati pa wachiwiri ndi msungichuma, osakhudza dzina lililonse. Pamsonkhanopo wolembayo ayenera kuti anatchula dzina pakamwa uku akukoka muviwo, ndiye aliyense anamva, ndipo panalibe chifukwa choti aulondolere bwino. Chithunzi sichinasunge mawu apakamwawo. Mukhoza kuganiza kuti ndi msungichuma popeza ndalama zili kwa iye, kapena wachiwiri popeza ndi amene akukaonana ndi mmisiri. Zonse n'zomveka, ndipo m'pamene pali ngozi. Mukalemba dzina lolakwika, wolembedwayo adzati sanavomere, amene anavomera adzaona kuti dzina lake palibe n'kukhala chete, ndipo tsiku lomanga lidzafika misomali palibe.

Mitundu ya inki ndi kukula kwa zilembo zimakuuzani chimene chinayamba kulembedwa. Pa bolodi lanu mndandanda woyamba ndi wakuda, ndipo zosintha zonse ndi zofiira. Ndiye chofiira chilichonse chinabwera pambuyo pa chakuda. Zilembo zazing'ono zopanikizika pakati pa mizere iwiri zinabwera malo atatha kale. Muvi wokhota molambalala mawu ena unakokedwa mawuwo alipo kale. Koma musadalire mtundu mopitirira. Nthawi zambiri munthu amasintha cholembera chifukwa choyamba chauma, osati chifukwa akufuna kusiyanitsa kanthu. Mudzazindikira zimenezi mukaona zilembo zikufwifwa pang'onopang'ono kenako mtundu n'kusintha pakati pa chiganizo.

Tsopano mabokosi. Muli nawo atatu ndipo palibe awiri ofanana. La A7 lazinga chiwerengero chomaliza pansi pa mndandanda, ndipo lili ndi tanthauzo limene aliyense angayembekezere: izi ndizo tagwirizana. La C lili palokha pansi, lili ndi mawu akuti "Galimoto ya ku Limbe" ndi chizindikiro cha funso, ndipo palibe muvi wolowamo kapena wotulukamo. Otsogolera misonkhano amakonda kuika pakona nkhani imene yabuka koma si nthawi yake, kuti isaiwalike komanso isasokoneze zimene zili pakati. Bokosi lotere ndi la nkhani yoimikidwa. Mukaliona ngati chigamulo chifukwa choti lazingidwa, maminitsi anena kuti gulu lagwirizana zobwereka galimoto, pamene gulu linangoti tidzakambirana. Polemba bokosi lililonse, nenani malo ake pabolodi, zonse zimene zili mkati mwake, ndiponso ngati mzere wake wadula mawu ena. Bokosi lozinga mizere itatu n'kudula wachinayi pakati limasiya funso loti wachinayiwo uli mkati kapena kunja, ndipo funsolo lilembedwe.

Bokosi la D ndi limene ndikufuna muliyang'anitsitse. Lili ndi mawu akuti "OSAFUFUTA", kenako "14/6" ndi "K15,000 aliyense". Inki yake ndi yabuluu, ndipo pena paliponse pabolodipo palibe buluu. Kalembedwe kake n'kopendekera, kosiyana ndi ka amene analemba zina zonse. M'mbali mwake muli mikwingwirima ya chofufutira chimene chinalizungulira osalikhudza. Zizindikiro zitatuzi zikusonyeza kuti bokosili munalipeza. Holo yobwereka imagwiritsidwa ntchito ndi magulu ambiri, ndipo ena anasiya uthenga wawo. Yesaninso ndi masamu: K327,000 kugawa ndi K15,000 sikutuluka nambala yathunthu ya anthu, ndi 21 ndi kachigawo. Izi zokha si umboni wokwanira, popeza magulu amatha kukweza chosonkha kuti patsale kena, koma zikuonjezera pa zinazo. Likopereni ndithu pa pepala loyamba, mulembe m'mabulaketi kuti likuoneka la msonkhano wina, ndipo lisalowe m'maminitsi mpaka wapampando atanena. Taganizani amayi a gulu lanu atawerenga kuti aliyense asonkhe K15,000 pofika pa 14 Juni, chinthu chimene palibe anachivomera.

Zofanana ndi zimenezi ndi zipsera za zolemba zakale. Inki ikakhalitsa pabolodi loyera sifufutika yonse, imasiya mthunzi wotuwa. Ndi maso pamsonkhano simuuona, koma mukawonjezera kuda kwa chithunzi pa foni kuti muwerenge bwino zofwifwa, mithunziyo imadzuka n'kumaoneka ngati zolembedwa dzana. Kunsi kwa A6 kukuoneka mthunzi wa mawu ngati "ngongole". Umenewo si wanu. Mukasintha kuwala kapena kuda kwa chithunzi, chitani zimenezo pa kope, choyambirira chikhale chosakhudzidwa, ndipo chilichonse chimene chaoneka pokhapokha mutasintha muchikayikire.

Pa nkhani yotayipa, mwina mwadabwa kuti bwanji ndikulemba liwu lonse lakuti chokhwatchidwa pamene kompyuta ndi foni zimatha kukhwatcha zokha. Zimathadi. Mu Word mumasankha mawuwo n'kudina batani lokhala ndi zilembo zokhwatchidwa, pansi pa Home. Mu Excel ndi Ctrl+5. Mu Google Docs pa kompyuta ya Windows ndi Alt+Shift+5. Pa WhatsApp mumaika chizindikiro ichi kumayambiriro ndi kumapeto kwa mawu:

```
~Waya mipukutu 2 - K140,000~
```

Vuto n'lakuti mzere wa mu Word kapena Excel si chilembo, ndi chovala chabe cha mawuwo. Mukakopera mawu kuchokera mu Word n'kuwamata mu WhatsApp kapena mu SMS, chovalacho chimatsala, ndipo waya wa K140,000 amadzuka ali wamoyo pakati pa zogula. Ngakhale mzerewo utapulumuka, pagulu lanu pali amayi ena amene maminitsi amachita kuwerengeredwa ndi ana kapena anzawo, ndipo wowerenga mokweza satchula mzere. Liwu lolembedwa limapulumuka paliponse, papepala, pafoni ya mabatani ndi pakamwa. Chimodzimodzi ndi muvi. Mu Word mukhoza kutayipa 2192 kenako kudina Alt+X, muvi woloza kumanja n'kutuluka, koma mawu akuti "muvi kupita A3b" amanena zambiri kuposa chizindikirocho. Ndipo musavutike kujambulanso bolodi lonse mu Word ndi mivi yokoka ndi mabokosi. Zimadya maola, zimasuntha mukangowonjezera mzere umodzi, ndipo chithunzi chili kale ndi maonekedwe onsewo. Chimatani chithunzicho kumapeto kwa maminitsi basi.

Pepala loyamba likatha, mwatsala ndi mafunso atatu okha: A6, muvi wa A4, ndi bokosi la D. Afunseni lero. Msonkhano unali dzana, ndipo tsiku lililonse likadutsa anthu amasiya kukumbukira zimene zinanenedwa n'kuyamba kukumbukira zimene akuona kuti zinayenera kunenedwa. Yambani ndi amene anagwira cholembera, chifukwa dzanja lake ndi limene linakoka muviwo, kenako wapampando. Dulani kachigawo ka chithunzi kamene kali ndi funsolo, mutumize kokhako, ndipo funso lanu lisakhale lowatsogolera. Musafunse kuti, "Misomali akagula ndi msungichuma, eti?" chifukwa munthu wotanganidwa amangoti eya. Funsani kuti, "Muvi uwu wochokera pa misomali unkapita kwa ndani?" Awiriwo akayankha zosiyana, musasankhe wamkulu. Lembani m'maminitsi kuti wokagula misomali sanadziwike bwino, ndipo wapampando atchule munthu tsiku lomanga lisanafike. Inunso munalipo pamsonkhanopo ndipo zimene mukukumbukira zili ndi ntchito, koma zilembeni m'mabulaketi ngati zochokera kwa mlembi, monga mmene mungalembere yankho la wina aliyense.

M'maminitsi, muvi uliwonse usanduke mneni, chokhwatchidwa chilichonse chisanduke chiganizo chonena chimene chinachitika, ndipo bokosi lililonse lipite pamutu wake. A3 ikhala yakuti msonkhano unakana kugula waya wa K140,000 ndipo unagwirizana kugula mphasa 20 pa K80,000. A5 ikhala yakuti malipiro a mmisiri anatsitsidwa kuchoka pa K80,000 kufika pa K60,000, ndipo wachiwiri kwa wapampando ndi amene akakambirane naye. Apa onjezani chimene bolodi silinanene ngati mukuchidziwa: kodi mmisiriyo anavomera kale mtengo watsopanowo, kapena ndi umene gulu likufuna kukamupempha? Chiwerengero chonse ndi K327,000. Za galimoto ya ku Limbe zipite pa nkhani zodzakambidwa pamsonkhano wotsatira. Madeti alembeni ndi dzina la mwezi ndi chaka, chifukwa 14/6 yopanda chaka sidzathandiza munthu wotsegula bukulo zaka ziwiri zikubwerazi. Pepala loyamba lija musalitaye. Lisungeni m'fayilo imodzi ndi maminitsi ndi chithunzi.

Pamsonkhano wotsatira, theka la ntchitoyi likhoza kuthera m'holo momwemo. Musanayambe, jambulani bolodi mmene mwalipezera, kuti za eni ake zidziwike. Pomaliza, anthu asanaimirire, pemphani mphindi zisanu: lozani muvi uliwonse, chokhwatchidwa chilichonse ndi bokosi lililonse, mufunse kuti ichi tati chiyani, ndipo wolembayo alembe liwu limodzi pambali, monga "takana", "zachitika" kapena dzina la mwini ntchito. Kenako pukutani diso la kamera ndi nsalu, zimitsani fulashi chifukwa bolodi loyera limabweza kuwala kwake, ndipo imani moyang'anizana ndi pakati pa bolodi. Kuwala kwa pazenera kukagwerapo, tsekani zeneralo kapena sunthani phazi limodzi chammbali mpaka kutachoka pa zolemba. Jambulani chimodzi cha bolodi lonse, chimene chidzasonyeze mivi kuyambira mchira mpaka mutu, kenako zinayi zapafupi, chimodzi pa kota iliyonse, zolowererana pang'ono m'malire kuti mawu a pakati asaduke. Yandikirani ndi miyendo, osati kukoka ndi zala pasikirini, chifukwa pa mafoni ambiri kukoka kumangokulitsa timadontho tomwe tija. Ngati bolodi ladzaza pakati pa msonkhano ndipo akufuna kufufuta kuti apitirize, aimitseni mujambule kaye. Ndipo musalole chofufutira kukhudza bolodi mpaka mutatsegula chithunzi, kukulitsa nambala yaing'ono kwambiri imene ilipo, n'kuiwerenga mokweza wolembayo akumva.